Mawu a mu wodi: mafunso ndi mayankho kwa namwino amene akukonzeka kukagwira ntchito kunja

Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene anamwino amafunsa kawirikawiri akatsala miyezi yochepa kuti anyamuke. Zitsanzo zambiri tazitenga ku Mangalande, zina ku Amereka ndi ku Jeremani, chifukwa m'mayiko atatuwa zinthu zofanana zimatchulidwa mosiyana kwambiri. Zidule ndi mayina a mankhwala tazilemba monga momwe mudzaziwonera pa kompyuta ya mu wodi.

Unamwino ndinauphunzira m'Chingerezi. Pali china choti ndiphunzirenso?

Chilipo, ndipo amene anaphunzira m'Chingerezi ndi amene amadzidzimuka kwambiri, chifukwa amafika ali ndi mtima woti chinenero si vuto. Zimene munaphunzira ku koleji ndi mawu a m'buku. Koma chinthu chimodzi mu wodi chimakhala ndi mayina atatu. Pali dzina la m'buku, limene limabwera pamayeso. Pali chidule chake, chimene chimalembedwa pa tchati ndipo anzanu amachitchula mothamanga popatsirana lipoti. Ndiye pali dzina limene wodwala mwiniwake amanena, lomwe nthawi zambiri silifanana n'komwe ndi awiri enawo.

Tengani mankhwala okodzetsa. Inu mumawadziwa ndi dzina la gulu lake, pa tchati mudzawerenga furosemide, koma gogo wa ku Mangalande adzakufunsani ngati mwamubweretsera mapiritsi ake a madzi. Mukadziwa dzina limodzi lokha mwa atatuwa, mudzakhoza mayeso koma mudzaima kakasi pambali pa bedi. Ntchito yanu musananyamuke ndi yodzaza mayina awiri otsalawo, ndipo muwadzaze a dziko limene mukupitalo, osati a Chingerezi chongoyerekeza kuti n'chimodzi paliponse.

Ndikakhoza mayeso a chinenero, si ndiye kuti ndakonzeka?

Mwakonzeka kulembetsa, koma mu wodi simunalowe. Bungwe la NMC, lomwe limalembetsa anamwino ndi azamba ku Mangalande, limavomereza mayeso a IELTS kapena a OET. Pa IELTS limafuna 7 pa kuwerenga, kumvetsera ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Pa OET limafuna B pa zitatuzo ndi C+ pa kulemba. Malamulo amenewa amasintha (6.5 ija inabwera mu 2018, kale inali 7), choncho werengani zimene bungwelo lalemba m'mwezi umene mukulipira mayeso.

Ngati cholinga chanu ndi mawu a ntchito, OET imakuyandikizani kwambiri, chifukwa polemba mumalemba kalata yotumiza kapena yotulutsa wodwala, ya mawu pakati pa 180 ndi 200, ndipo polankhula mumachita sewero la namwino ndi wodwala kawiri, lililonse pafupifupi mphindi 5. Komabe munthu amene mukulankhula naye pamayeso amalankhula momveka, ali yekha, m'chipinda chopanda phokoso, ndipo mumapatsidwa mphindi zokonzekera. Mu wodi mulibe zimenezo. Amene akukupatsani lipoti watopa, akufuna kuweruka, ali ndi odwala 8 kapena 10 oti awafotokoze, ndipo theka la zimene akunena ndi zilembo. Ku Jeremani n'chimodzimodzi: nthawi zambiri amafuna Chijeremani cha mlingo wa B2, koma satifiketi ya B2 siikuphunzitsani mmene tchati chawo chimalembedwera.

Ndiyambire pati? Mawu ndi ambirimbiri.

Musayambire pa dikishonale ya zachipatala kuchoka pa A. Ambiri amathera pa C, ataloweza matenda amene sadzawaona moyo wawo wonse. Yambirani pa shifiti yanu.

Tengani pepala, mulembe tsiku limodzi la ntchito kuyambira pamene mwalowa mpaka pamene mwaweruka: kulandira lipoti, kuyeza odwala, kugawa mankhwala a m'mawa, kusambitsa, kutsuka bala, kukonzekeretsa wina wopita ku opaleshoni, kuyimbira dokotala, kulankhula ndi abale, kulemba m'fayilo, kupereka lipoti. Pa ntchito iliyonse dzifunseni zinthu zitatu: ndimagwira chiyani m'manja, ndimanena chiyani, ndipo ndimamva chiyani. Pamene mwakakamira, pamene mukudziwa chinthucho koma dzina lake silikubwera msanga, lembani mzere. Mizere imeneyo ndiyo silabasi yanu, ndipo mudzapeza kuti ambiri mwa mawu osowawo si ovuta ayi. Ndi tinthu ta tsiku ndi tsiku: mpando wokhala ndi chimbudzi wa pambali pa bedi, botolo lokodzeramo amuna, nsalu yoterera yosunthira wodwala, makina onyamulira munthu wosatha kuima, chitsulo choyendera okalamba, belu loitanira namwino. Buku la unamwino silivutika n'kutchula zimenezi, koma m'sabata yoyamba mudzatumidwa kukatenga zimenezi kuposa china chilichonse.

Poika dongosolo, tsogozani mawu amene mukawaphonya munthu akhoza kuvulala: a mankhwala ndi milingo yake, a wodwala amene akuipiraipira, a zinthu zimene thupi la wodwala limadana nazo, a oletsa kudya ndi kumwa. Enawo mukhoza kuwatola pang'onopang'ono mutafika.

Zidule ndiye zimandiopsa. N'zoona kuti zimasiyana dziko ndi dziko?

Zimasiyana, ndipo choopsa si chidule chimene simukuchidziwa. Chimenecho mudzafunsa. Choopsa ndi chimene mukuchidziwa bwino koma kumeneko chikutanthauza zina.

Chitsanzo chimene timachikonda ndi RR. M'tchati cha Chingerezi RR ndi kapumidwe, kuti munthu akupuma kangati pa mphindi. M'tchati cha Chijeremani RR ndi kuthamanga kwa magazi, kuchokera ku dzina la Riva-Rocci, dokotala wa ku Italiya amene anapanga choyezera chomanga pamkono mu 1896. Mukaona 130/80 mudzazindikira nokha, koma mnzanu akangoti mukayeze RR ya pa bedi 4, inu mukhoza kukawerenga kapumidwe iye akufuna bipi.

Pa kamwedwe ka mankhwala, ku Mangalande mudzaona OD, BD, TDS ndi QDS, kutanthauza kamodzi, kawiri, katatu ndi kanayi pa tsiku. Ku Amereka kawiri, katatu ndi kanayi amalemba BID, TID ndi QID, ndipo OD kumeneko imatha kuwerengedwa ngati diso lakumanja. M'mafayilo a mayiko onse awiri OD yomweyo imaimiranso kumwa mankhwala mopyola mlingo, choncho muyenera kuona pamene yalembedwa. Ku Jeremani amakonda manambala: 1-0-1 ndiye kuti limodzi m'mawa, masana ayi, limodzi madzulo. Wodwala woletsedwa kudya ndi kumwa, ku Mangalande amamulembera NBM, ku Amereka NPO. PRN, ya mankhwala operekedwa pokhapokha akafunika, imayenda mofanana ku Mangalande ndi ku Amereka, ndipo ndi imodzi mwa zochepa zimene sizikupusitsani.

Palinso zidule zimene mwina munazolowera kulemba koma kumeneko n'zoletsedwa. Bungwe la Joint Commission ku Amereka lili ndi mndandanda wa zosayenera kulembedwa kuyambira mu 2004. Mmenemo muli U ya mayunitsi a insulini, chifukwa ikalembedwa ndi dzanja imaoneka ngati ziro, 6U n'kusanduka 60. Muli QD ya kamodzi pa tsiku, yomwe imasokonezeka ndi QID. Mulinso kulemba 5.0 m'malo mwa 5, chifukwa kadontho kakapanda kuoneka munthu amalandira kakhumi. Ku Mangalande buku lawo la mankhwala, BNF, limalangizanso kuti mayunitsi ndi mamaikulogalamu azilembedwa mawu onse. Choncho kuphunzira mawu a ntchito nthawi zina ndi kusiya chizolowezi cha dzanja lanu lomwe.

Zipatala zambiri zimakhala ndi mndandanda wa zidule zimene zimavomereza. Mukangolandira kalata ya ntchito, pemphani amene akukulembaniwo akutumizireni. Ndi pempho lachilendo kwa iwo mwina, koma silivuta kuyankha.

Nanga mayina a mankhwala ndi miyeso?

Mankhwala ambiri ali ndi dzina limodzi padziko lonse, koma ochepa amene amasiyana ndi amene mumagwiritsa ntchito tsiku lililonse. Paracetamol ku Amereka ndi acetaminophen, salbutamol ndi albuterol, adrenaline ndi epinephrine. Kuwonjezera apo odwala amatchula dzina la kampani lolembedwa pa bokosi, ndipo mayina amenewo amasintha mukangowoloka malire. Lembani mankhwala 50 amene mumapereka kwambiri mu wodi ya mtundu wanu, mufufuze dzina lililonse mmene limalembedwera ndi mmene limatchulidwira kumeneko. Katchulidwe musakanyozere. Dzina limene mwaliwerenga zaka 10 mukhoza kulephera kulizindikira likatuluka m'kamwa mwa munthu amene amakweza mawu pa malo ena a liwulo.

Miyeso nayo ndi mawu a ntchito. Shuga wa m'magazi ku Mangalande amayezedwa mu mmol/L, ku Amereka mu mg/dL, ndipo kuchoka pa woyamba kupita pa wachiwiri mumachulukitsa ndi 18. Shuga wa 5.5 ndi 99 ndi chinthu chimodzi. Namwino wozolowera mmol/L akamva 70 amaganiza kuti makina afa, pomwe ku Amereka 70 ndiye kuti shuga wayamba kutsika, ndi 3.9 mwa kawerengedwe kake. Hb ku Mangalande imalembedwa mu g/L, choncho 12 g/dL mudzaiona ngati 120. Odwala achikulire a kumeneko amanena kulemera kwawo mu masitoni: sitoni imodzi ndi mapaundi 14, pafupifupi makilogalamu 6.35, ndiye munthu wa masitoni 11 ali pafupi ndi makilogalamu 70. Ku Jeremani pogawa nambala amaika koma pamene ena amaika kadontho, 2,5 m'malo mwa 2.5. Ku Amereka tsiku amalemba poyambira mwezi, choncho 03/04 ndi 4 Malichi.

Sikuti muziwerengetsera pamutu nthawi zonse. Cholinga ndi choti khutu lanu lizidzidzimuka pa nambala yoyenera. Lowezani malire a bwinobwino ndi malire oopsa m'miyeso ya kumeneko mwachindunji, ngati kuti simunadziwepo ina.

Odwala eniake amalankhula bwanji? Zimenezi ndingaziphunzire kuti?

Apa ndi pamene anamwino odziwa ntchito amachita manyazi kwambiri, chifukwa mawu aliwonse paokha amawamva, koma tanthauzo limawadutsa. Munthu sanena za thupi lake molunjika, makamaka za kuchimbudzi, za kumaliseche ndi za imfa. Chinenero chilichonse chili ndi njira zake zozungulira, ndipo sizimasulirika.

Gogo wa ku Mangalande akati akufuna kukawononga peni imodzi, sakupempha chikwama chake. Akufuna kukakodza, ndipo mawuwo anachokera ku zimbudzi zakale za m'tauni zimene chitseko chake chinkatseguka ukaponyamo peni. Akati ali ndi matenda a m'madzi, akunena matenda a njira ya mkodzo. Liwu lakuti sick, limene ambiri tinaliphunzira kuti limatanthauza kudwala, iye akalinena nthawi zambiri akutanthauza nseru kapena kuti wasanza, ndiye inu mukamuyankha kuti inde mukudwala n'chifukwa chake muli kuno, mbale yosanziramo ifika mochedwa. Kumpoto kwa dzikolo anthu ambiri chakudya chamadzulo amachitcha tiyi, choncho wodwala akati piritsi lakuti amamwa akatha tiyi, funsani ola. Ndipo pali mawu akuti funny turn, amene liwu ndi liwu amamveka ngati kutembenuka koseketsa. Palibe choseketsa. Munthu akunena kuti anachita chizungulire, kapena anakomoka pang'ono, kapena anasokonezeka kwakanthawi, ndipo kumbuyo kwake kukhoza kukhala vuto la mtima kapena sitiroko yaing'ono.

Nthawi nayo imapusitsa. Mngelezi akati theka la 7 ndiye kuti 7:30. Mjeremani akanena mawu ofananawo m'chinenero chake ndiye kuti 6:30. Pa wodwala amene mukufuna kudziwa kuti anadya komaliza nthawi yanji asanapite ku opaleshoni, ola limenelo n'lalikulu.

Vuto lina n'loti odwala ambiri achikulire amachepetsa ululu polankhula. Munthu akati sizili moipa kwambiri, kapena akuti sakufuna kukuvutitsani, musalembe kuti ali bwino. Mufunseni nambala pakati pa 0 ndi 10, mumuyang'ane nkhope akamatembenuka pabedi. Mawu ofotokoza ululu muwaphunzire ngati gulu limodzi, pamodzi ndi tanthauzo lake kuchipatala: wobaya, wootcha, wofinya ngati wakutsamira ndi katundu, wogunda, wopotokola. Wodwala akasankha liwu la kufinya pofotokoza pachifuwa, mukudziwa kale chochita, bola liwulo mwalizindikira.

Kopezera mawu amenewa ndi timapepala ndi masamba amene zipatala za dzikolo zimalembera odwala. A NHS, bungwe la zipatala za boma ku Mangalande, amalemba m'chinenero chosavuta dala, ndipo ngakhale chimbudzi ndi mkodzo amazitchula ndi mawu a kunyumba. Werengani tsamba la matenda amene mukuwadziwa kale bwino, kuti mutu wanu usatanganidwe ndi nkhaniyo koma ndi mmene yanenedwera. Mapulogalamu a pa wailesi ya kanema ojambulidwa m'zipatala zenizeni amathandiza khutu kuposa masewero opeka. Sankhani a dera limene mukupita, chifukwa kalankhulidwe ka ku Glasgow, ka ku Liverpool ndi ka ku London n'kotalikirana.

Mungandionetse mmene mawuwa amagwirira ntchito pa wodwala mmodzi?

Tiyerekeze kuti muli pa shifiti ya usiku mu wodi ya opaleshoni ku Mangalande. Pa bedi 6 pali bambo wa zaka 72, wolemera makilogalamu 80, amene anachitidwa opaleshoni ya matumbo masiku awiri apitawo. Nthawi ya 02:00 mwamuyeza: akupuma ka 23 pa mphindi, okosijeni m'magazi ndi 94 popanda kumuwonjezera mpweya, bipi ndi 104/62, mtima ukugunda ka 104, thupi latentha 38.4, ndipo ali maso, akuyankha bwino. Iye akungoti akumva kuzizidwa ndipo sakufuna kuvutitsa.

Kumeneko miyeso imeneyi siinenedwa payokhapayokha. Imalowa m'tchati cha NEWS2, chimene bungwe la madokotala la ku London linatulutsa mu 2017, ndipo muyeso uliwonse umapatsidwa mapointi kuyambira 0 mpaka 3. Kupuma kwa pakati pa 21 ndi 24 ndi mapointi 2. Okosijeni wa 94 kapena 95 ndi 1. Nambala yapamwamba ya bipi ya pakati pa 101 ndi 110 ndi 1. Mtima wa pakati pa 91 ndi 110 ndi 1. Kutentha kwa pakati pa 38.1 ndi 39.0 ndi 1. Zonse pamodzi ndi 6. Pa 5 kapena 6 dokotala ayenera kudziwitsidwa msanga ndipo wodwala aziyezedwa ola lililonse. Pa 7 kupita m'mwamba ndi ngozi. Taonani kuti palibe muyeso umodzi umene ukuoneka woopsa paokha. Koma mukangotchula kuti NEWS2 yafika 6, aliyense m'chipatalamo wamva, chifukwa nambala imeneyo ndi liwu la chinenero chawo.

Tsopano foni. Njira yofala ndi SBAR, yomwe inachokera kwa asilikali a pamadzi a ku Amereka n'kulowa m'zipatala. Ili ndi zigawo zinayi. Choyamba ndi zimene zikuchitika panopa: dzina lanu, wodi, wodwala, ndi chifukwa chimene mwayimbira, kuti bambo wa pa bedi 6 wakwera kufika pa 6 pomwe nthawi ya 22:00 anali pa 2. Chachiwiri ndi mbiri yake mwachidule: zaka, opaleshoni ndi tsiku lake, matenda ena, mankhwala amene thupi lake limadana nawo. Chachitatu ndi zimene mwapeza ndi zimene mukuganiza. Mutchula miyeso ija, muwonjezera kuti m'maola 6 katheta yatulutsa mamililita 150, omwe ndi 25 pa ola, pomwe munthu wa makilogalamu 80 ayenera kufika 40 pa ola, poti mlingo wake ndi theka la mililita pa kilogalamu pa ola. Kenako munena poyera kuti mukukayikira kuti matenda alowa m'magazi. Chachinayi ndi pempho lanu: abwere adzamuone tsopano, ndipo akuuzeni ngati muyambiretu kutenga magazi opita ku labu.

Zonsezi siziyenera kupitirira mphindi imodzi kapena ziwiri. Werengani mawu amene afunika: mayina a miyeso isanu ndi umodzi, manambala otchulidwa momveka, dzina la opaleshoni, katheta ndi mkodzo, liwu limodzi la matenda a m'magazi, ndi ziganizo ziwiri zopempha. Si ambiri. Chimene chimagwetsa anthu ndi chigawo chachitatu ndi chachinayi. Amene anakulira m'zipatala zimene namwino sauza dokotala maganizo ake amayamba ndi kupepesa, n'kuzungulira, n'kumaliza osapempha kanthu. Dokotala amene ali ndi mawodi asanu usiku umenewo amamva ngati si zachangu. Choncho lowezani ziganizo zathunthu zitatu kapena zinayi: chonena kuti ndili ndi nkhawa ndi wodwalayu, chonena kuti ndikuganiza kuti ndi chakuti, chonena kuti ndikufuna mubwere pasanathe mphindi zakuti. Muzinene mokweza mpaka zisiye kukumvetsani manyazi. Kumeneko si mwano, ndi mmene ntchito imayendera.

Mbali yomaliza ndi kubwereza. Dokotala akakuuzani zochita, mumubwerezere zonse, ndipo manambala muwatchule limodzilimodzi. M'Chingerezi 15 ndi 50 zimamveka mofanana kwambiri pa foni, chimodzimodzi 13 ndi 30. Nenani kuti wani faifi, kapena faifi ziro.

Ndiziphunzira bwanji kuti zikhazikike? Ndimaloweza lero, mawa zathawa.

Zimathawa chifukwa mumaziphunzira ndi maso okha, pomwe mu wodi zidzabwera kudzera m'khutu n'kutuluka pakamwa. Pa liwu lililonse pangani kakhadi kokhala ndi mayina atatu aja, la m'buku, chidule, ndi la wodwala, kuphatikizapo chiganizo chimodzi chimene mungachinene pa shifiti. Mawu 10 pa tsiku, masiku 6 pa sabata, kwa masabata 12, ndi mawu 720, ndipo pa wodi imodzi amenewo ndi ochuluka ndithu. Kubwereza kukhale kotalikitsa: mawa, patatha masiku atatu, patatha sabata, patatha mwezi. Pulogalamu ya Anki imakuwerengerani masikuwo, koma makhadi a pepala m'mabokosi atatu amagwiranso ntchito.

Chimene chimathandiza kwambiri n'chosafuna ndalama. Mukaweruka pa ntchito yanu ya panopa, sankhani wodwala mmodzi, musinthe dzina ndi chilichonse chomuzindikiritsa, mupereke lipoti lake mokweza m'kalembedwe ka SBAR, mukudzijambula mawu pa foni. Mukamvetsera mudzamva nokha pamene munaima kufunafuna liwu. Kawiri pa sabata pezani mnzanu akuyimbireni foni ngati dokotala wotopa, azikudulani mawu, azikufunsani zimene simunakonzekere. Muchite pa foni osati maso ndi maso, chifukwa pa foni mulibe milomo yoti muwerenge kapena manja oti akuthandizeni.

Sindikizaninso matchati opanda kanthu a dzikolo, monga cha NEWS2 chimene chimapezeka poyera, muzidzaza ndi dzanja. Kwa opita ku Mangalande izi zimathandizanso pa mayeso a OSCE, omwe ali ndi masiteshoni 10 ndipo ambiri mwa iwo amafuna kuti muzilankhula uku mukugwira ntchito.

Ndingadziwe bwanji kuti ndakonzeka?

Dziyeseni ndi zinthu zitatu. Mverani lipoti kapena kukambirana kwa mu wodi kamodzi kokha, popanda kubwezera m'mbuyo ndiponso popanda mawu olembedwa pansi, mulembe manambala onse, kenako muone ngati mwalondola. Fotokozerani munthu wosaphunzira zachipatala chifukwa chimene mukumuikira kanyula, popanda liwu ngakhale limodzi la m'buku. Ndipo perekani lipoti la wodwala amene simunamukonzekere pasanathe mphindi ziwiri.

Chizindikiro choti simunafike n'chakuti mukumasulirabe m'mutu musanayankhe, kapena mukugwedeza mutu kuvomera musanamve. Chachiwirichi ndi choopsa, chifukwa kwa wokuonani chimaoneka ngati luso.

Ndikafika n'kupeza kuti sindikumvabe?

Zidzachitika, makamaka m'masabata oyamba, ndipo zimachitikira ngakhale anamwino obadwira m'dzikomo akasamukira chipatala china, poti wodi iliyonse ili ndi timawu take. Kusiyana kuli pa kafunsidwe. Mukangoti pepani sindinamve, munthu amabwereza mawu omwewo mokweza, inu osapindula kanthu. Funsani molunjika pa chimene chakuphonyani: chidule chakuti chikuimira chiyani muno, mwati 15 kapena 50, mungandilembere dzina la mankhwalawo. Kwa wodwala, mupempheni aloze ndi chala pamene pakupweteka, kapena anene mwa njira ina, kenako mumubwerezere zimene mwamva kuti avomereze.

Muziyenda ndi kabuku m'thumba, kolembamo mawu okha, osati mayina a odwala. Madzulo mawuwo alowe m'makhadi aja. Ndipo pali malo amodzi osayenera kuganizira n'komwe: ngati liwu kapena chidule chimene simukuchimvetsa chili pa mankhwala, pa mlingo, pa zimene thupi la wodwala limadana nazo, kapena pa fomu ya DNACPR yonena kuti mtima ukaima asayese kuudzutsa, imani kaye mpaka wina akufotokozereni.

Ine si namwino, ndine mmisiri womanga. Njira imeneyi ingandithandize?

Ingathandize, chifukwa pa saiti paliponso mayina atatu: la pa pulani, la pa oda ya katundu, ndi limene akapitawo amakuwa ali pamwamba pa sikafodi. Lembani tsiku lanu la ntchito monga tanenera, ndipo mutsogoze mawu a chitetezo: olamula kuti muime, ochenjeza za katundu amene ali m'mwamba, ndi zizindikiro za manja zolozera woyendetsa kireni. Ku Mangalande masaiti ambiri amafuna khadi la CSCS, ndipo kuti mulipeze mumalemba mayeso a zaumoyo ndi chitetezo a CITB, omwe buku lake lokonzekera ndi mndandanda wabwino wa mawu a pa saiti.

Misampha yanu ili pa miyeso. Ku Amereka amayeza ndi mainchesi ndi mafiti, ndipo thabwa lotchedwa 2x4 silikwana mainchesi 2 ndi 4. Ndi 1.5 ndi 3.5, pafupifupi mamilimita 38 ndi 89. Nyumba yosanja nayo amaiwerenga mosiyana: chimene Mwamereka amachitcha nsanjika yoyamba ndi yapansi penipeni, pomwe kwa Mngelezi yoyamba ndi imene mumaipeza mutakwera masitepe. Akakutumani kukasiya matumba 20 a simenti, funsani kaye ngati pali masitepe oti mukwere.